Zala ziwiri pa mzere wa zilembo

Lembani mawu awa papepala: `MPANDAMACHOKERO`. Tsopano pezani kachigawo kafupi kwambiri ka zilembo zondondozana komwe muli A awiri ndi M mmodzi, posatengera chomwe chayamba. Ophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta amakumana nalo kawirikawiri funso limeneli.

Munthu angathe kuyesa zigawo zonse chimodzichimodzi. Pa zilembo 15 zimenezi pali zigawo 120, koma zilembo zikakwana 1,000,000, zigawo zimafika pafupifupi mabiliyoni 500. Njira yabwino ndi ya zala ziwiri, chakumanzere ndi chakumanja. Zilembo zapakati pa zalazo timazitcha zenera. Pambali timasunga matebulo awiri: lina la zofunika, lomwe likunena kuti A awiri, M mmodzi, ndi lina lowerengera zomwe zili m'zenera panthawiyo. Timasunganso nambala ya zilembo zomwe zikusowa, ndipo pano ikuyambira pa 3.

Chala chakumanja ndicho chimayamba kuyenda. Chikafika pa M, zosowa zimatsala 2. P sasintha kanthu. A woyamba amazitsitsa kufika pa 1, ndipo A wachiwiri amazimaliza. Zenera `MPANDA` lakwanira, zilembo 6, ndipo tizilembe pambali tisanasunthe chala chilichonse.

Apa chala chakumanzere chimayamba kupanikiza. Chikangochotsa M, zenera laperewera, choncho chakumanja chimapitanso patsogolo n'kupeza M wina: `PANDAM`. Kutaya P sikuwononga kanthu, ndiye tatsala ndi `ANDAM`, zilembo 5. Tikataya A, zenera lapereweranso mpaka chakumanja chitatola A wotsatira: `NDAMA`. Tikachotsa N ndi D, patsala `AMA`, zilembo 3. Kutsogolo kulibenso A, ndiye yankho ndi lomweli.

Taonani kuti palibe chala chomwe chabwerera m'mbuyo. Chilembo chilichonse chimalowa m'zenera kamodzi ndipo sichituluka koposa kamodzi, motero kusuntha konse sikupitirira 30. Pa zilembo 1,000,000 zija, sikupitirira 2,000,000.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa zilembo zobwereza. Nambala ya zosowa iyenera kutsika pokhapokha chilembo cholowacho chikadali choperewera pa tebulo la zofunika. Mukamaitsitsa pa A kapena M aliyense, pulogalamu idzavomera `MAM` poona kuti zilembo zakwana zitatu, chonsecho A alipo mmodzi yekha. Chimodzimodzi potaya: nambalayo ikwere pokhapokha chotayidwacho chikasiya mpata. Choncho yesani pulogalamu yanu ndi mawu ngati `MAM`, ndipo iyenera kuyankha kuti zenera lokwanira palibe.

Dziwaninso kuti matebulowa amangowerenga kuchuluka, sasunga ndondomeko. Funso likafuna kuti M abwere poyamba kenako A awiri, `AMA` sangaloledwe, ndipo pamenepo pafunika njira ina.