Kuwerenga mpaka 5 ndi mapazi: phunziro la theka la ola ku mkombaphala

Mwana wa zaka 4 amatha kulakatula manambala mpaka 10 osaphonya, makolo n'kuomba m'manja. Koma mukamuuza kuti akupatseni miyala itatu, amangotapa dzanja lodzaza. Mayina a manambala wawaloweza, koma kuchuluka kwake sanakugwire. Mlezi wodziwa ntchito ku sukulu ya mmera mpoyamba amakonza phunziro lake poyang'ana vuto limeneli.

Cholinga chimakhala chimodzi chokha: pomaliza, mwana athe kuwerenga zinthu 5, akukhudza chimodzi pa nambala iliyonse. Mitundu ndi zilembo zidikire tsiku lina.

Tinene kuti ana alipo 25 ndipo nthawi ndi mphindi 30. Ana asanafike, mlezi amajambuliratu pabwalo ndi phulusa mizere 5, uliwonse wa timabwalo 5 totalikirana phazi limodzi la mwana. Amasonkhanitsanso zitsononkho kapena miyala ikuluikulu, chifukwa nyemba ndi chimanga ana amaziika m'mphuno ndi m'makutu.

Mphindi 5 zoyamba ndi za nyimbo, ana ataima mozungulira. Ikhale yodziwika kale, yoti mlezi atsogolere iwo azivomera, ndipo pa nambala iliyonse aziomba m'manja kamodzi. Nyimbo yachilendo imadya nthawi yonse ndi kuphunzira mawu. Liwiro nalo n'lofunika: ng'oma ikathamanga, pakamwa pamafika pa 5 manja akadali pa 3.

Kenako mphindi 10 za kudumpha, ndipo mtima wa phunziro uli pamenepa. Mwana amadumphira m'kabwalo kamodzi n'kutchula nambala imodzi, phazi ndi mawu zigwere pamodzi. Akafika kumapeto, mlezi amafunsa kuti wadumpha kangati. Alezi ambiri amalakwitsa pojambula mzere umodzi wokha. Ngati mwana aliyense atenga theka la mphindi, womaliza adikira mphindi 12, ndipo podzafika nthawi yake kumbuyo kwayamba kale kutsinana ndi kulira. N'chifukwa chake mizere ikhale 5, ana asanuasanu.

Mphindi 10 zotsatira ana amasewera msika awiriawiri, mlezi kapena womuthandiza n'kukhala mnzake wa wotsalayo. Wogula amaitanitsa zitsononkho zinayi, wogulitsa amawerenga akupereka. Mlezi amayendayenda mwakachetechete akuyang'ana zala. Wina amakhudza chinthu chimodzi kawiri, wina amalumpha china, wina ukamufunsa kuti zonse ndi zingati amayambiranso kuwerenga. Otere sakalipiridwa; amabwezedwa pa zinthu zitatu, kapena ziwiri kumene, mpaka atakhazikika.

Mphindi 5 zotsiriza amakhala pansi n'kuimbanso nyimbo ija motsitsa, akupinda zala, kuti thupi lizizire asanasambe m'manja kukalandira phala.

Ana akaweruka, mlezi alembe m'kope lake mayina a amene anavutika. Mawa masewera ndi omwewo, ndipo ayambire pa ana amenewo.