Wogula Akati "Yadula": Kuwonetsa Nyale ya Sola m'Shopu Yaing'ono

Mawu owonetsera katundu ndi ndondomeko yaifupi imene mwini shopu amakonzeratu: chimene adzanene, chimene adzaike m'manja mwa wogula, ndi yankho limene adzapereke wogulayo akayamba kukayika. Amakhala mawu ochepa, otha kunenedwa m'mphindi zitatu kapena zinayi, munthu ataima pa kauntala. Amafunika kwambiri pa katundu amene wogula sanamuzolowere ndipo mtengo wake ndi wokwererapo, monga nyale ya sola yokhala ndi potchajira foni, imene masiku ano ikupezeka m'mashopu a m'matauni ndi m'misika ya kumidzi. Pa katundu wotere dandaulo lomveka kawirikawiri ndi limodzi: "Yadula."

Kukonzekera kumayamba wogula asanafike. Mwini shopu amapatula nyale imodzi kuti ikhale yowonetsera, ndipo m'mawa uliwonse amatulutsa panelo yake padzuwa kuti batire lidzaze. Nyale yongotulutsidwa m'bokosi nthawi zambiri imakhala ndi moto wochepa chifukwa yakhalitsa m'sitoko, ndipo ikazima pamaso pa wogula malondawo athera pomwepo. Pafunikanso katoni yaikulu yobowoledwa mbali imodzi. Masana, dzuwa likuswa mtengo, nyale iliyonse imawoneka yofooka, koma ikayatsidwa m'katoni momwe muli mdima, kuwala kwake kumawonekera bwino. M'katonimo muikidwe tsamba la nyuzipepala kapena kope la mwana wa sukulu, ndipo pambali pakhale tochi ya mabatire, yonga imene mabanja ambiri akumudzi amawunikira usiku. Cholembera ndi kapepala zikhale pafupi.

Ndondomekoyi imayamba ndi funso, mtengo usanatchulidwe. Wogula akaloza nyale, atapatsana moni, mwini shopu amafunsa kuti: "Mayi, panopa kunyumba mumawunikira chiyani?" Akayankha kuti tochi, amafunsanso: "Mabatire mumagula kangati pa sabata? Nanga foni mumatchajitsa kuti?" Mafunso amenewa si ongocheza nawo. Mayankho ake ndiwo adzagwire ntchito pa nthawi yokambirana mtengo, ndipo mphamvu yake ili poti manambalawo atuluka m'kamwa mwa wogula mwiniwake. Mayi amene wanena yekha kuti amagula mabatire awiri sabata iliyonse sangakane masamu ochokera pa mawu akewo.

Kenako nyale iperekedwe m'manja. Wogula ayatse yekha, asuzumire m'katoni, awerenge mzere umodzi wa m'kope, kenako ayatse tochi m'katoni momwemo kuti asiyanitse. Ngati ali ndi foni, ilumikizidwe ku nyale kuti aone chizindikiro cha kutchaja chikuyenda pa foni yakeyake. Apa wogulitsa alankhule pang'ono: "Dinani apa. Dinaninso, yawonjezera kuwala. Iyi ndiyo panelo, imakhala panja. Nyaleyi imakhala m'nyumba." Ogulitsa ambiri amalakwitsa pamenepa pomalakatula za mawatsi ndi mavotsi pamene wogula akungofuna kudziwa ngati mwana angathe kuwerenga usiku ndiponso ngati nyale ingafike m'mawa.

Mtengo utchulidwe momveka ndi kamodzi, popanda kupepesa. Ndipo wogula akati yadula, wogulitsa asafulumire kutsutsa kapena kutsitsa. Avomereze kaye, chifukwa ndalamayo ndi yambiri ndithu kwa munthu wodalira ganyu kapena geni yaing'ono: "Zoona mayi, si ndalama yochepa. Kodi mwayerekeza ndi ina imene munaiona, kapena ndi ndalama imene yachepa lero?" Funso limeneli ndilo phata la ndondomeko yonse, chifukwa anthu odandaula mtengo sadandaula chinthu chimodzi. Wina waona nyale yofanana nayo pamsika pa theka la mtengo. Wina anagulapo ya sola imene inafa patangopita mwezi, ndipo akuopa kutayanso ndalama. Wina waikonda koma m'thumba mulibe. Yankho loyenera mmodzi silithandiza mnzake, ndipo wogulitsa amene sanafunse amangowombera m'mwamba.

Yankho loyamba, limene limathandiza onse, ndi masamu a pa kapepala. Mitengo imasintha msanga, makamaka chigwereni ndalama ya kwacha mu Novembala 2023, choncho manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe ndipo mwini shopu aikemo a tsiku limenelo. Tinene kuti nyale ndi K32,000. Mayi uja wanena kuti mabatire amamudyera K1,000 pa sabata, ndipo foni amatchajitsa kawiri pa sabata pa K300 ulendo uliwonse. Wogulitsa amalemba wogula akuona: K1,000 kuphatikiza K600, zikwana K1,600 pa sabata. Akagawa K32,000 ndi K1,600 amapeza masabata 20, kutanthauza miyezi yosakwana isanu. Pa chaka chathunthu cha masabata 52, mabatire ndi kutchajitsa zimadya K83,200. Mawu ake angakhale otere: "Ndalama imeneyi mukuwononga kale, mayi, kungoti imatuluka pang'onopang'ono. Ikatha miyezi isanu, nyaleyi yadzigula yokha, ndipo dzuwa sililipiritsa." Atatero akhale chete, amupatse mpata woyang'ana kapepalako. Chete ameneyu amavuta ogulitsa ambiri, ndipo ena amamudzaza ndi kutsitsa mtengo munthu asanapemphe n'komwe.

Masamuwa ayenera kukhala owona. Ngati wogula ali ndi magetsi a ESCOM ndipo akufuna nyale ya nthawi imene magetsi azima, ndalama yopulumutsidwa ndi yochepa, mwina ya makandulo basi, ndipo kumuwerengera za mabatire amene sagula n'kumunamiza. Kwa wotereyu mfundo ndi ina: kuwala kokhalapo nthawi iliyonse, kopanda lawi loti n'kuyatsa neti ya udzudzu kapena katani. Ngati masabata atuluka ochuluka kuposa nthawi ya chitsimikizo cha katunduyo, wogulitsa wanzeru amatulutsa nyale yaing'ono yotsika mtengo m'malo mokakamira yaikuluyo.

Kwa amene waona yotchipa pamsika, kunyoza wogulitsa mnzako sikuthandiza, chifukwa wogula amangoona ngati nsanje. Chothandiza ndi kumuwonetsa zimene angafufuze yekha kulikonse: dzina la kampani yopanga, maola a kuwala olembedwa pa bokosi, ndi pepala la chitsimikizo. Nyale zoyesedwa pa muyezo wa VeraSol, umene kale unkadziwika ndi dzina la Lighting Global, zimakhala ndi chitsimikizo cha chaka chimodzi kapena kupitirira. Wogulitsa anganene kuti: "Kaifunseni ya pamsikayo ngati akupatsani lisiti ndi chitsimikizo. Ine ndikulemberani lisiti, tsiku ndi nambala ya nyale. Ikafa m'chaka chino popanda kuigwetsera m'madzi kapena kuitsegula, bwerani nayo pano." Mawu amenewa amayankhanso uja amene anapsa kale ndi nyale yachinyengo. Koma anenedwe pokhapokha mwini shopu atamvana ndi kumene amapikula za m'mene katundu wowonongeka amabwezedwera. Lonjezo losakwaniritsidwa limafika kuchigayo ndi kumjigo tsiku lomwelo, ndipo pamudzi mbiri yotero sichedwa kutseka malonda.

Pali mbali ina imene ogulitsa amaizemba poopa kuthawitsa kasitomala, koma iyenera kukhala m'ndondomeko: kunena zimene nyaleyo singathe. Maola olembedwa pa bokosi amawerengedwa batire litadzaza, ndipo amasiyana malinga ndi kuwala kumene munthu wasankha. Kuwala kwambiri kumatha moto msanga. Kutchaja foni kumadya moto womwewo, choncho usiku umenewo nyale siikhalitsa. Nyale yaing'ono imadzaza foni ya mabatani, koma foni yaikulu yotsetsereza chala mwina siingaidzaze. Masiku a mvula yamvumbi, kapena a chiperoni ku Mulanje ndi ku Thyolo, batire silidzaza bwino. Panelo ipukutidwe fumbi ndipo isakhale pamthunzi, pomwe nyaleyo isasiyidwe pa malata otentha chifukwa kutentha kumafooketsa batire. Zonsezi zimatha kunenedwa m'ziganizo zitatu. Wogula amene wazimva m'shopu sabwerera atakwiya pakatha sabata, ndipo amakhulupirira zina zonse zimene wauzidwa.

Kwa amene ndalama yamuchepera, masamu a masabata 20 samupatsa K32,000 ya lero. Apa mwini shopu amakopeka kutsitsa mtengo, ndipo ayenera kudziwiratu malire ake. Ngati anapikula nyale pa K26,000 n'kuwonjezera K1,000 ya thiransipoti, phindu lake ndi K5,000. Kuchotsera K3,000 kumaoneka kochepa pa K32,000, koma kwadya kuposa theka la phindu, ndipo wogula wotsatira adzabwera atamva kale mtengo watsopanowo. Njira yabwino ndi kulipira pang'onopang'ono katundu ali m'shopu: "Siyani K8,000 lero, ndilembe dzina lanu pa bokosi. Mukamaliza magawo anayi, mudzaitenga." Gawo lililonse lilembedwe m'kope ndi pa lisiti, kaya laperekedwa pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo amvane poyamba tsiku lomalizira ndi chimene chidzachitike wogula akalephera. Ena amadikira kugawana kwa banki m'khonde kapena kugulitsa soya ndi mtedza akakolola. Wogulitsa afunse nthawi imeneyo n'kuilemba. Kupereka katundu pa ngongole ndi nkhani ina, ndipo shopu ya mpamba wochepa siikwanitsa kawirikawiri.

Ndondomeko imatha ndi funso lolunjika: "Ndikukulungireni, kapena tiyambe ndi gawo loyamba?" Wogula akati akafunse kaye abambo kunyumba, asaumirizidwe. Apatsidwe kapepala ka masamu kaja kuti apite nako, pakuti amene watsala kunyumbayo sanasuzumire m'katoni, ndipo funso lake loyamba lidzakhala la mtengo.

Mawuwa alembedwe pa tsamba limodzi ndipo ayesedwe mokweza kangapo, makamaka ngati mwana kapena wantchito ndiye amatsala m'shopu. Asalowezedwe ngati ndakatulo ya kusukulu. Chosasintha ndi dongosolo lake, pomwe mawu amasintha malinga ndi munthu, kaya ndi agogo, aphunzitsi kapena mnyamata wa kabaza. Pofuna kudziwa ngati akugwira ntchito, mwini shopu alembe kumapeto kwa kope lake anthu amene awonetsedwa, amene agula, ndi mawu amene osagulawo ananena pochoka. Ngati ambiri akuchoka masamu asanayambe, ndiye kuti mtengo ukutchulidwa nyale isanafike m'manja. Ngati akuvomereza masamu koma osagula, vuto ndi ndalama ya lero kapena kukayika chitsimikizo, ndipo gawo limenelo ndilo lofunika kulikonzanso. Manambala a pa kapepala asinthidwe nthawi iliyonse mtengo wa mabatire kapena wa nyale ukasintha.