Amalume Agwa: Tilembe Chiyani pa Gulu la Banja?

Gulu la banja la pa WhatsApp silikhala chete. M'mawa muli mavesi, masana zithunzi za chinkhoswe, madzulo mkangano wa zopereka za chiliza. Uthenga woti amalume agwa ukalowa pakati pa zonsezi, ambiri amangoona mawu oyamba okha, ali m'minibasi kapena pantchito. Choncho mawu oyambawo anene kuti wodwalayo ali moyo, ndiponso kumene ali.

Ambirife timayamba ndi "Abale, nkhani yachisoni, amalume athu aja..." Kwathu kuno amenewa ndi mayambidwe a uthenga wa maliro. Mphwawo amene ali ku Joni amayamba kulira asanamalize kuwerenga, ndipo wina amafulumira kulemba kuti mzimu wawo uwuse mumtendere. Kubweza mawu otere nkovuta, makamaka akafika kwa akazi awo a wodwalayo.

Tiyerekeze kuti amalume a zaka 78 aterereka kubafa ndipo awagoneka m'chipatala. Uthenga wake ungakhale wotere:

"Amalume ali moyo, akuyankhula komanso akudya. Anagwa kubafa dzulo m'mawa ndipo awagoneka pachipatala cha boma, wodi ya abambo. Awajambula, fupa la m'chiuno lathyoka. Mutu sanamenyetse. Madokotala anena mawa ngati awachite opaleshoni. Ndikuwadikirira ndine. Tikufuna wondilandira Lachisanu usiku, ndi wobweretsa phala m'mawa. Ndilembanso mawa madzulo. Tiwapempherere."

Mzere wa mutu uja musausiye. Munthu wachikulire akamenyetsa mutu, magazi amatha kumakha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, zizindikiro nkudzaoneka patapita masiku kapena masabata: mutu wosaleka kupweteka, kusanza, kusinza kwambiri, kusokonezeka maganizo, kufooka mbali imodzi ya thupi. Abale osadziwa amangoti ndi ukalamba. Koma mukalemba kuti anamenyetsa mutu, aliyense wopita kukawazonda amakhala tcheru, ndipo akaona zotere amadziwitsa adokotala msanga.

Nthawi zina uthenga umalembedwa wogwayo akadali kunyumba, ndipo apa mawu oti "angogwa pang'ono" amapweteketsa. Ngati amalume akulephera kuponda, mwendo ukuoneka waufupi kuposa unzake ndipo phazi lagwera kunja, kawirikawiri ndiye kuti fupa la m'chiuno lathyoka. Ameneyo si wothowa ndi madzi otentha kapena woyesa kumuyendetsa. Lembani mosabisa kuti pakufunika galimoto lero lomwe. Wokalamba akagona nthawi yaitali osasuntha amayamba zilonda pamsana ndi pamatako, ndipo chibayo chimamugwira mosavuta. Amene akudziwa mankhwala omwe amalume amamwa atumize mayina ake kwa wowadikirira, chifukwa ena a kuthamanga kwa magazi amachititsa chizungulire munthu akadzuka mwadzidzidzi, ndipo a shuga amatha kutsitsa shuga mopitirira. Madokotala adzafunsa zimenezi.

Pempho likhale lomveka. "Amene angathe athandize" sadzutsa munthu. Tchulani tsiku, ntchito yake, ndipo ngati ndi ndalama, nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba ndi chimene ndalamazo zikagwire. Wopereka nkhani akhalenso mmodzi, ndipo asunge nthawi imene walonjeza, kuti wodikirira asamangoyankha mafoni usiku wonse.

Chithunzi cha amalume ali pabedi, atavula malaya, musachiponye pagulu. Ndi eni mbumba amenewa, amene amakhala patsogolo pa maukwati ndi milandu ya pabanja, ndipo chithunzi chikachoka pa foni yanu simudziwa kumene chikathere. Musayambenso kufunsa pagulu kuti anali ndi ndani pamene ankagwa. Funso lotere limalasa amene amawasamalira tsiku ndi tsiku, pomwe ofunsawo ali kutali.

Nanga mawu owafunira kuchira? Ma "pepani" ambirimbiri ndi tizithunzi ta manja opemphera zimakwirira uthenga wofunika uja, ndipo amalume eni ake mwina sali n'komwe pagulupo. Ndi bwino kujambula mawu afupi nkuwatumiza kwa wowadikirira kuti awamvetsere. Dzitchuleni kaye, yankhulani mofatsa: "Amalume, ndine mphwanu wa ku Mzuzu. Tamva za ngozi ija, pepani kwambiri. Za kumunda musade nazo nkhawa, anyamata apalira. Ndibwera Loweruka kudzakuonani." Mawu oti "muzisamala poyenda" asiyeni, chifukwa munthu amene wagwa amakhala kale ndi manyazi komanso mantha ogwanso.

Ndipo ngati mwawauza kuti mubwera Loweruka, pitani Lowerukalo, pakuti amalume akhala akukuyembekezerani.