Mwatuluka, koma kodi khomo latsekekadi?

M'masitolo akuluakulu a m'tauni salola kulowa ndi chikwama. Mumachisiya pakhomo, mlonda n'kukupatsani kachiphaso ka nambala. Potuluka mlonda uja safunsa dzina lanu, sayang'ananso nkhope. Amene wabweretsa kachiphaso ka nambala 47 ndiye amanyamula chikwama cha pa 47. Zimene zimachitika mukalowa mu akaunti yanu pa intaneti n'zomwezi, ndipo mbava zambiri zimalowera pamenepa, osavutika n'komwe ndi pasiwedi yanu.

Seva, kompyuta imene imasunga webusayiti, ilibe chikumbumtima. Tsamba lililonse limene mwapempha imaliona ngati lapemphedwa ndi mlendo. Kuti musamalembe pasiwedi pa tsamba lililonse, mukangolowa seva imakupatsani kachiphaso kotchedwa tokeni, kamzere ka zilembo ndi manambala. Bulawuza yanu imakasunga m'kafayilo kotchedwa kuki, njira imene Lou Montulli anayambitsa ku kampani ya Netscape mu 1994, ndipo imakaonetsa mwakachetechete nthawi iliyonse mukadina. Nthawi yochokera polowa kufikira potuluka ndiyo imene akatswiri amaitcha seshoni. Pa nthawi yonseyi tokeni ndi inuyo. Woigwira safunsidwa pasiwedi, safunsidwanso kanambala kaja kobwera pa foni, pakuti zonsezo zinafunsidwa kale pakhomo.

Tokeni yabwino iyenera kukhala ndi zinthu ziwiri: ikhale yosalotereka, ndipo izifa nthawi yake ikakwana.

Vuto la kulotereka si lachilendo. Mu 2001 Kevin Fu ndi anzake a ku yunivesite ya MIT ku America anafufuza mawebusayiti otchuka a nthawi imeneyo, ndipo anapeza kuti sitolo ya mabuku ya Fatbrain inkazindikira makasitomala ndi nambala yongotsatizana. Munthu akanatha kusintha nambala yake pang'ono n'kupezeka ali mu akaunti ya wina. Lero n'kovuta kupeza wolemba mapulogalamu wopereka 1047 kenako 1048 poyera chotero. Chofala tsopano n'kuiveka nambalayo chovala kuti ioneke yovuta.

Tiyerekeze kuti bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama lakupemphani kuti muyese webusayiti yake, ndipo lakupatsani akaunti yoyeserera ya membala nambala 1047. Choyamba n'kulowa, kenako kudina F12 pa bulawuza. Mu Chrome makuki ali pansi pa Application, mu Firefox ali pansi pa Storage. Koperani tokeni, tulukani, lowaninso, koperaninso. Mutachita katatu mwapeza izi:

```
MTA0NzoxNzAwMDAwMDAw
MTA0NzoxNzAwMDAwMDEy
MTA0NzoxNzAwMDAwMDQ1
```

Kwa munthu wongodutsa izi ndi zilembo zosokonekera. Koma ziikeni pamzere chonchi muone: pa zilembo 20, zilembo 18 zoyambirira sizikusuntha, zikusintha ndi ziwiri zakumapeto zokha. Tokeni zopangidwa mwachisawawa sizifanana chotere ngati ana a mimba imodzi. Kalembedwe kameneka ndi ka Base64, kamene sikabisa chilichonse. Ndi njira chabe yolembera, ndipo aliyense angaimasule ndi lamulo limodzi:

```
echo MTA0NzoxNzAwMDAwMDAw | base64 -d
1047:1700000000
```

Chinsinsi chonse chathera pomwepa. 1047 ndi nambala ya membala. 1700000000 ndi nthawi monga momwe makompyuta amaiwerengera, masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970, ndipo nambala imeneyi ikuloza usiku wa pa 14 Novembala 2023. Tokeni yachiwiri inaperekedwa patapita masekondi 12, yachitatu patapita 45.

Tsono werengani monga momwe mbava ingawerengere. Ikufuna akaunti ya membala 1048, ndipo ikudziwa kuti iye amalowa pakati pa 8 ndi 9 koloko m'mawa. Mu ola muli masekondi 3,600, kutanthauza matokeni 3,600 oyesa. Kapulogalamu koyesa khumi pa sekondi kamaliza m'mphindi 6. Ngakhale itakhala kuti sikudziwa ola, tsiku lonse lili ndi masekondi 86,400, ntchito ya maola osakwana atatu. Bungwe la OWASP, limene limalemba malangizo a chitetezo cha mawebusayiti, limati tokeni ikhale ndi mabiti osachepera 64 a chisawawa chenicheni. Apo zoyesa zimakhala nambala ya madijiti 20, ndipo mbava ingakalambe isanalase ngakhale imodzi.

Matokeni atatu amagwira zolakwika zoonekeratu zokha. Kuti muone zobisika pamafunika ambiri, ndipo oyesa amagwiritsa ntchito Burp Suite, imene ili ndi chida chotchedwa Sequencer. Chimapempha matokeni mobwerezabwereza, masauzande ngati n'kotheka, n'kupima ngati malo ena a tokeni amakonda zilembo zina kapena ngati chilembo china chimatsatira chinzake kawirikawiri. Koma pano ndichenjeze, pakuti ambiri amakhutira msanga. Wolemba pulogalamu akatenga 1047:1700000000 yemweyo n'kumupera ndi MD5, zotuluka zimaoneka zachisawawa kotheratu ndipo Sequencer ikhoza kunena kuti zili bwino. Komabe amene waganizira zopangira zake angapere yekha n'kupeza tokeni yomweyo. Chidacho chikati tokeni ndi yofooka, khulupirirani. Chikati ndi yolimba, pemphani kuona mzere wa pulogalamu umene umaipanga. Mukapezapo nthawi, nambala ya membala, `rand()` kapena `Math.random()`, lembani kuti yalephera. Chofunika kupezapo ndi chonga `secrets.token_hex(16)` mu Python kapena `random_bytes(16)` mu PHP, zimene zimapereka mabiti 128 ochokera ku gwero lodalirika la kompyutayo.

Ine vuto limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi lachiwiri, la tokeni yosafa, chifukwa mwini akaunti sangalione ndi maso ngakhale atasamala chotani. Mumadina Logout, tsamba lolowera n'kubwera, mtima n'kukhala pansi. Koma mawebusayiti ena pamenepo amangouza bulawuza kuti itaye kuki, seva osafufuta tokeniyo m'kaundula wake. Zili ngati mwataya kachiphaso kanu m'ngalande pomwe mlonda akadali wokonzeka kupereka chikwama kwa aliyense wokatola.

Ndipo otola alipo. Mu Okutobala 2010 Eric Butler anatulutsa Firesheep, kapulogalamu ka mu Firefox kamene kankatola makuki a anthu a pa Wi-Fi imodzi yopanda loko, moti munthu ankalowa mu Facebook ya mnzake pongodina chithunzi chake. Kufala kwa HTTPS kunatseka njira imeneyo, koma kuba sikunathe. Mu Malichi 2023 tchanelo chachikulu cha pa YouTube cha Linus Tech Tips chinalandidwa wantchito wina atatsegula fayilo yooneka ngati chikalata cha malonda, imene inakopa matokeni a mu bulawuza yake. Pasiwedi sinabedwe ayi. Tokeni ikabedwa, kukula kwa chiwonongeko kumadalira utali wa moyo wake.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Lowani ndi akaunti yoyeserera, koperani tokeni, dinani Logout, kenako tumizani tokeni yakaleyo nokha kuchokera kunja kwa bulawuza:

```
curl -i -H "Cookie: session=MTA0NzoxNzAwMDAwMDQ1" https://test.example.com/account
```

Seva yabwino iyankha 401, kapena 302 yokubwezerani ku tsamba lolowera. Ikayankha 200, werengani zimene zabwerazo, chifukwa ena amatumiza tsamba lolowera ndi 200 yemweyo. Mukaonamo dzina la membala ndi ndalama zake, batani la Logout lija ndi lokongoletsera chabe.

Lamulo lomweli limayesanso nthawi. Pali malire awiri. Oyamba ndi a kukhala chete: munthu wasiya kompyuta ya mu ofesi n'kupita kukadya nsima. OWASP imati malire ofala ndi mphindi 2 mpaka 5 pa mawebusayiti a zinthu zamtengo wapatali monga ndalama, ndi mphindi 15 mpaka 30 pa ena. Ngati eni ake akuti malire awo ndi mphindi 15, tengani tokeni, tsekani tsambalo, dikirani mphindi 16, tumizani kamodzi. Msampha wake ndi uwu: woyesa wosaleza mtima amatumiza mphindi iliyonse kuti aone ngati yafa, osadziwa kuti kutumiza kulikonse kumabwezera wotchi pachiyambi. Tsamba losiyidwa lotsegula nalonso limatha kumalankhula ndi seva palokha, n'chifukwa chake muyenera kulitseka.

Malire achiwiri ndi a moyo wonse wa tokeni, kaya ikugwira ntchito kapena ayi. Pa pulogalamu ya mu ofesi, maola 4 mpaka 8 ndi oyenera. Apa mumachita zosiyana: tumizani mphindi zisanu zilizonse usiku wonse. Ikakhala yamoyo m'mawa, dziwani kuti mbava imene yaiba ingaisunge yamoyo mpaka kalekale. Musapusitsidwe ndi tsiku la Expires lolembedwa pa kuki. Limenelo ndi pempho chabe kwa bulawuza, ndipo `curl` salimvera. Wotchi yeniyeni iyenera kukhala pa seva.

Patsala mayeso awiri achidule. Lowani mu akaunti imodzi pa mabulawuza awiri, sinthani pasiwedi pa yoyamba, kenako dinani chilichonse pa yachiwiri. Iyenera kukutulutsani, apo ayi munthu wobedwa amasintha pasiwedi mbava ili phee m'nyumba. Komanso yerekezani tokeni ya musanalowe ndi ya mutalowa. Zikafanana, wina angathe kukutcherani tokeni imene akuidziwa kale n'kudikira kuti muipatse mphamvu ndi pasiwedi yanu.

Zonsezi zichitike pa webusayiti yanu kapena pamene mwini wake wakulolani polemba kalata, ndiponso ndi maakaunti oyeserera okha. Mukafuna kutsimikiza kuti tokeni ya 1048 ndi yolotereka, pemphani akaunti yachiwiri yoyeserera. Musakhudze ya munthu weniweni. Ku Malawi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo kunena kuti mumangoyesa sikungakupulumutseni. Wofuna kuphunzira aike WebGoat kapena Juice Shop, mapulogalamu a OWASP opangidwa dala ndi zibowo, pa kompyuta yake.

Inu amene mumayang'anira sukulu, chipatala kapena bungwe la ndalama ndipo munalipira munthu kuti akupangireni webusayiti, simufunika kudziwa kulemba mapulogalamu. Muitaneni, akhale pambali panu, alowe, akope tokeni, atuluke, aitumizenso inu mukuona. Seva ikaonetsa dzina la membala, musamalize kulipira mpaka akonze.