Kalata ya mlembi wa kwaya: nthawi yasintha, nanga wojomba ndi uti?

Ikafika Juni, dzuwa limalowa msanga kuno ku Malawi, ndipo 6 koloko isanakwane kunja kumakhala kutada kale. Kwaya imene imayamba kuphunzira nyimbo 5 koloko imapezeka kuti yangoimba nyimbo imodzi, amayi a sopulano ayamba kuyang'ana pakhomo poganiza za njira yakwawo. Apa ndi pamene komiti imakhala pansi n'kusintha nthawi, ndipo ntchito yodziwitsa anthu imagwera mlembi.

Mlembi sapanga malamulo. Amangopereka zimene komiti yagwirizana, n'chifukwa chake kalata yabwino imatchula tsiku limene komiti inakumana, ndipo wapampando amaiona isanatuluke. Mlembi akangolemba kuti "ndaganiza zosintha nthawi", wadziputira mkangano, chifukwa abambo a besi adzafunsa kuti wamupatsa mphamvuzo ndani.

Tiyerekeze kwaya ya anthu 30 imene inkakumana Lachitatu lokha. Pambuyo pa moni, kalata yake ingayambe motere: "Okondedwa mamembala, komiti itakumana pa 24 Meyi inagwirizana kuti kuyambira Lachitatu pa 3 Juni tizikumana kawiri pa sabata m'tchalitchi: Lachitatu kuyambira 3:30 mpaka 5 koloko madzulo, ndi Loweruka kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko. Tasintha chifukwa kunja kukuda msanga." Nthawi yoweruka ndi yofunika ngati yoyambira, pakuti mayi amene wasiya ndiwo zisanaphikidwe amafuna adziwe kuti abwerera liti. Ndipo mlembi ayang'ane pa kalendala asanasaine. Akalemba Lachitatu koma deti n'kukhala la Lachinayi, ena adzatsata tsiku, ena deti, ndipo m'mipingo yambiri ya CCAP obwera Lachinayiwo adzapeza amayi a Mvano ali pa msonkhano wawo.

Povuta penipeni ndi pa nkhani ya kujomba. Makalata ambiri amangoti "aliyense azibwera mokhulupirika, ojomba adzalandira chilango". Mawu otere sagwira munthu. Kodi amene wapita kumaliro a azakhali ake wajomba? Nanga namwino amene ali pa ntchito Loweruka, kapena mwana wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE? Kalata ikapanda kuyankha mafunso amenewa, mlembi amayamba kuweruza yekha tsiku ndi tsiku, ndipo posakhalitsa amveka kuti amakondera.

Njira yake ndi kusiyanitsa anthu atatu m'kaundula: wochedwa, wopepesa ndi wojomba. M'chitsanzo chathu, komiti inganene kuti wofika mphindi 15 zitadutsa alembedwa kuti wachedwa. Wopepesa ndi amene wauza mlembi nthawi yophunzira isanakwane, pakamwa kapena pa foni. Wojomba ndi amene sanabwere ndipo sananene kanthu. Matenda ndi maliro siziwuza munthu kuti zikubwera, choncho kalata ipereke mpata wopepesa pambuyo, tinene pofika tsiku lokumana lotsatira. Itchulenso munthu mmodzi wolandira mapepeso. Uthenga wotumiza kudzera mwa mnansi nthawi zambiri umathera m'njira.

Kenako kalata inene chimene chidzachitike. Makwaya ena amalipiritsa chindapusa, koma ine ndimaona kuti chimapweteka wosauka, pamene wandalama amangolipira n'kupitiriza kujomba. Lamulo lokomera onse ndi logwirizana ndi kuimba kumene: wojomba Loweruka asaime kutsogolo Lamulungu lotsatira, chifukwa sanamve pamene aphunzitsi a kwaya asintha poyambira alito kapena popumira. Wojomba katatu motsatizana, akomiti akamuyendere kwawo asanaganize zomufufuta. Mwina ali ndi vuto limene akuchita nalo manyazi kulinena pagulu.

Maina a ojomba asalowe m'kalata, ngakhale mlembi atawadziwa onse pamtima. Kalata imapita kutali, imawerengedwa ndi amuna awo a anthu, ana ndi apongozi.

Kuiponya pa gulu la WhatsApp kokha sikokwanira, popeza ena alibe foni yotere ndipo ena bandulo inawathera. Iwerengedwe pa nthawi ya zolengeza Lamulungu, makamaka masabata awiri nthawi yatsopano isanayambe, ina imatidwe pa bolodi, ina isungidwe m'failo ya mlembi. Ngati pa 3 Juni anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi afikabe 5 koloko, anzawo akutuluka, mlembi asathamangire kuwalemba kuti ajomba. Ayambe wawafunsa kumene anamva uthengawo, ndipo sabata yoyambayo kaundula alembedwe popanda chilango.