Chidule cha kafukufuku: mafunso anayi

Buku la kafukufuku wa payunivesite limayamba ndi chidule cha mawu pafupifupi 250. Owerenga ambiri amathera pomwepo, choncho chiyenera kuyankha mafunso anayi.

Tinene kuti wophunzira wafufuza za anankafumbwe. Ayambe ndi vuto: chimanga chikufumbwa m'nkhokwe. Kenako afotokoze njira: anasunga china m'matumba wamba, china m'matumba osalowa mpweya, kwa miyezi 6. Pa zotsatira, kungoti "panali kusiyana" sikukwanira. Atchule kuti mwa maso 100 alionse, obooka anali angati m'thumba lililonse.

Pomaliza anene poyera pamene kafukufukuyo akulekezera. Ngati anayesa m'mudzi umodzi, chaka chimodzi, asalankhule ngati wayendera dziko lonse, chifukwa mlangizi angauze alimi zinthu zosatsimikizika.