Kuwerenga chojambula cha magetsi: tsatani waya ndi chala

Mukagula kachipangizo ka sola kapena kutsegula buku la sayansi la mwana wa kusekondale, mumapeza chojambula cha mizere yowongoka, timabokosi ndi tizungulire. Ambiri amachiyang'ana ngati chithunzi, n'kumadabwa kuti sichikufanana ndi mawaya omwe ali pakhoma. Sichingafanane. Chojambulachi sichinena pamene chipangizo chakhala, kapena kutalika kwa waya. Chimangonena chinthu chimodzi: n'chiyani chalumikizidwa ndi chiyani. Mzere wochepa ngati chikhadabo ukhoza kuimira waya wochokera pabalaza mpaka kukhitchini.

Tiyeni titenge chojambula cha nyumba yoyatsa ndi batire la mavoti 12. Pali batire, fyuzi, swichi ndi mababu awiri. Batire limajambulidwa ndi timizere tiwiri toyang'anizana, kena kakatali kena kakafupi, ndipo nthawi zina timabwerezedwa kangapo. Kakataliko ndi pulasi, kakafupiko ndi mainasi. Babu ndi kazungulire kokhala ndi mtanda wopingasa mkati. Swichi ndi mzere wodukiza, pomwe kachidutswa kake kadzuka m'mwamba kusonyeza kuti njira yaduka. Fyuzi nthawi zambiri ndi kabokosi kotalika komwe mzere wadutsa pakati pake kuchokera uku kukafika uko. Samalani apa, chifukwa kabokosi komweko kakakhala kopanda mzere mkati si fyuzi ayi, ndi lezisita, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa. M'mabuku a ku America lezisita amaijambula ngati mano a sowo. Pambali pa zizindikirozi pamalembedwa zilembo monga F1, S1 ndi R1 kuti muzitha kuzitchula popanda kusokoneza.

Chizindikiro chomwe chimapusitsa anthu kwambiri ndi chaching'ono kuposa zonse: kadontho. Mizere iwiri ikadutsana ndipo pali kadontho kakuda, mawayawo alumikizidwa. Popanda kadontho, angodutsana osakhudzana. Zojambula zina zakale zimapinda mzere umodzi kuti udumphe unzake, tanthauzo lake n'lomwelo.

Tsopano ikani chala pa pulasi ya batire n'kuyamba kutsata mzere ngati mukuyenda mumsewu. Mudutsa fyuzi, kenako swichi. Mpaka pano simunafunsidwe kusankha kolowera. Zipangizo zomwe zandondozana pa njira imodzi popanda mphambano pakati pawo, amisiri amati zili m'silizi. Magetsi onse odutsa mu fyuzi ndi omwewo akudutsa mu swichi, palibe kwina kothawira. N'chifukwa chake fyuzi ndi swichi zimaikidwa chonchi: zikadula njira, zonse za kutsogolo zimazima.

Mukapitirira swichi, chala chifika pa kadontho pomwe mzere wagawika pawiri. Nthambi ina ikudutsa babu loyamba, ina lachiwiri, ndipo zonse zikukakumananso pa kadontho kena n'kubwerera ku mainasi. Imeneyi ndiyo palalelo. Kuti mutsimikize, onani mbali zonse ziwiri: miyendo ya kumtunda ya mababuwo ichokere pa malo amodzi, ya kumunsinso ikathere pa malo amodzi, popanda chipangizo china pakati. Musanyengeke ndi maonekedwe. Mababu awiri ojambulidwa moyandikana akhoza kukhala m'silizi ngati mzere watuluka m'loyamba, kukhota, n'kulowa m'lachiwiri. Njira yachidule yodziwira ndi iyi: bisani babu limodzi ndi chala chachikulu. Ngati mungathebe kuchoka ku pulasi, kudutsa babu linalo n'kukafika ku mainasi, ndi palalelo. Mukakanika, ndi silizi.

Kusiyana kumeneku kumaoneka bwino tikawerengera. Tinene kuti babu lililonse ndi lachikale lija lokhala ndi kawaya mkati, la mawati 12, ndipo kukaniza kwake magetsi ndi maomu 12. Lamulo la Ohm limati mugawe mavoti ndi maomu kuti mupeze maampu, omwe ndi muyeso wa magetsi oyenda mu waya. M'palalelo, babu lililonse lalumikizidwa ku mbali zonse ziwiri za batire, choncho limalandira mavoti 12 athunthu ndi kukoka ampu imodzi. Onse amawala mokwanira. Koma nthambi ziwirizo zikakumana, maampu amaphatikizana, ndiye kuti fyuzi, swichi ndi batire zikusenza maampu 2. Mukawonjezera babu lachitatu, afika 3. Apa m'pamene mumadziwira kukula kwa fyuzi yofunika, komanso chifukwa chake batire limatha msanga mababu akachuluka.

Mababu omwewo akalumikizidwa m'silizi, zophatikizana ndi maomu: 12 ndi 12 akwana 24. Kugawa mavoti 12 ndi 24 kumatipatsa theka la ampu, ndipo mababuwo amagawana mavoti, lililonse 6. Theka la mavoti ndi theka la maampu zimapereka mawati 3 okha pa babu, gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake. Zenizeni zimasiyanako pang'ono chifukwa kawaya ka m'babu kakapanda kutentha kwambiri sikakaniza magetsi mofanana, komabe chomwe mudzaone ndi kuwala kofiirira kosawerengera nako kalata. Mababu ena a LED atha kungokhala osayaka n'komwe. Sikuti silizi ndi yoipa. Mu tochi, mabatire awiri a mavoti 1.5 amatsatana, pulasi ya lina kukhudza mainasi ya linzake, kuti apereke mavoti 3.

Phindu la chojambula limaonekera zinthu zikafa. M'nyumba yathu ija, babu limodzi likazima linalo likuwala, musavutike ndi batire kapena fyuzi. Vuto lili pa nthambi yokhayo: babu lapsa kapena waya wake wamasuka. Onse akazima nthawi imodzi, fufuzani gawo lomwe amagwiritsa ntchito limodzi, kuyambira pa batire, fyuzi, swichi mpaka waya wobwerera ku mainasi. Onse akamawala mofooka, pali zifukwa ziwiri zoyamba kuganizira: batire latsika, kapena wolumikiza adawaika m'silizi. Chotsani babu limodzi. Linalo likazima, ndi silizi.

Amene ali ndi mita yoyezera magetsi apezanso zizindikiro zake pa chojambula. Kazungulire kokhala ndi V ndi koyezera mavoti, ndipo kamalumikizidwa m'palalelo, uku ndi uku kwa chipangizo. Kokhala ndi A ndi koyezera maampu, ndipo kamalowa m'silizi: mumamasula waya kuti magetsi adutse mu mitamo. Mukalakwitsa n'kugunditsa mita ili pa A ku mbali ziwiri za batire, mwapanga shoti, ndipo fyuzi ya mkati mwa mita ipsa. Pa mababu a m'silizi omwe azima onse, mita ya mavoti imaloza lomwe lapsa m'njira yomwe ambiri saiyembekezera: pa babu labwino imawerenga 0, pa lakupsalo imawerenga 12, chifukwa pamenepo ndi pomwe njira yadukira.

Malamulowa ndi omwewonso pa magetsi a ESCOM, ndipo masoketi ndi mababu a m'nyumba zathu amakhala m'palalelo kuti chilichonse chilandire mavoti 230. Koma mavoti amenewo amapha, choncho kuwerenga chojambula chake n'kwa aliyense, kugwira mawaya ake n'kwa mmisiri wovomerezeka. Ngakhale batire la mavoti 12 lingathe kutenthetsa waya mpaka kuyatsa moto likachita shoti. Musanalumikize kalikonse, tsatani chojambula kuchokera ku pulasi ndipo muone kuti chipangizo choyamba chomwe mwakumana nacho ndi fyuzi.